Kalata yotseguka kwa atsogoleri athu ku Mulanje pa nkhani ya ana ndi vidiyo

Kwa inu mafumu athu, makhansala, akuluakulu a zamaphunziro, oyang'anira misika ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kuno ku Mulanje,

Ndikupereka moni mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mayi, komanso mphunzitsi wa ana a makalasi a m'munsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi minda ya tiyi. Ndalemba poyera kuti makolo anzanga nawonso awerenge, chifukwa nkhaniyi ndi ya ana athu tonse.

Chandilembetsa ndi chigamulo chomwe chinatuluka pa msonkhano wa kudera kwathu. Mnyamata wa zaka 8 anathyola mnzake mkono pomuyesera zomwe anaonera ku vidiyo. Anthu atasonkhana, anagwirizana kuti mwana aliyense wopezeka ku nyumba yoonetsera mafilimu azikwapulidwa pagulu kuti anzake atengerepo phunziro. Za filimu zomwe zimaonetsedwa masana, za nthawi yotsegulira nyumbazi, ndi za komwe ana angapite akaweruka, palibe chomwe chinamangidwa. Ndikudziwa kuti amene anagamula izi anali ndi chisoni komanso mkwiyo, ndipo sindikuwanyoza. Koma ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti chigamulochi chiwonjezera vuto lomwe tikufuna kuthetsa, ndipo ndipempha kuti mundilole ndifotokoze chifukwa chake.

Ife amene tinadutsa ku koleji ya uphunzitsi tinamvako dzina la Albert Bandura, katswiri wa za maganizo a munthu wobadwira ku Canada mu 1925, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri pa yunivesite ya Stanford ku Amereka mpaka anamwalira mu 2021. Chiphunzitso chake chimati munthu safunika kuyamba wachita chinthu yekha, kapena kulangidwa ndi kuyamikiridwa yekha, kuti aphunzire khalidwe. Amatha kuphunzira pongoona wina akuchita, ndi kuona zomwe zamuchitikira wochitayo. Agogo athu ankadziwa kale zimenezi. Mtsikana saphunzira kupeta chifukwa chouzidwa, amakhala pambali pa mayi ake ndi kalichero kake. Chomwe Bandura anawonjezera ndi kuyesa nkhaniyi mwadongosolo, kuti tidziwe chomwe chimakulitsa kutengerako ndi chomwe chimakuchepetsa.

Mu 1961, iye ndi anzake awiri, Dorothea Ross ndi Sheila Ross, anatenga ana 72 a sukulu yamkombaphala, a zaka zoyambira 3 mpaka pafupifupi 6. Ena mwa iwo anaona munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa mpweya chotchedwa Bobo, chomwe ukachikankha chimagwa n'kudzukanso. Ankachikhalira, kuchimenya pamphuno, kuchigogoda ndi kanyundo kamtengo, kuchiponya m'mwamba ndi kuchimenya mateche, uku akutchula mawu ake. Ena anaona munthu wamkulu akungosewera mwabata, ndipo ena sanaone aliyense. Anawo atasiyidwa m'chipinda momwe munali chidolecho, amene anaonera zomenya zija ndiwo anachimenya kwambiri, ambiri motsanzira ndendende, ndi mawu omwe. Mu 1963 anabwerezanso, koma ana ena anaonera munthuyo pa filimu, ena anaonera munthu wovala ngati mphaka wa m'makatuni. Anapeza kuti kuonera pa kanema kunali ndi mphamvu yosasiyana kwenikweni ndi kuonera munthu pamaso.

Koma kafukufuku yemwe ndikufuna kuti mumumvetse bwino, akuluakulu anga, ndi wa 1965, chifukwa ndi amene akukhudza chigamulo cha chikwapu chija. Ana 66, anyamata 33 ndi atsikana 33, anaonera filimu yaifupi ya bambo wina akumenya chidole chija. Chiyambi cha filimu chinali chimodzi kwa onse, koma mathero anali atatu. Gulu loyamba linaona munthu wina wamkulu akubwera kudzamuyamikira womenyayo kuti ndi ngwazi, n'kumupatsa maswiti ndi chakumwa. Gulu lachiwiri linaona akumukalipira kuti ndi wankhanza n'kumulanga. Gulu lachitatu filimu inangotha, womenyayo sanayamikiridwe ndipo sanalangidwe. Kenako mwana aliyense anasiyidwa yekha m'chipinda chosewerera, ofufuza akuonerera mobisika.

Zinthu ziwiri zinaoneka. Choyamba, ana amene anaona womenya akulangidwa anatsanzira pang'ono. Koma amene anaona kuti palibe chamuchitikira anatsanzira mofanana ndi amene anaona akupatsidwa maswiti. Kwa mwana, nkhanza zosadzudzulidwa zimaoneka ngati zololedwa. Chachiwiri ndiye chofunika kwambiri. Ofufuzawo anabweranso ndi madzi a zipatso ndi tizithunzi tomata, n'kuuza mwana aliyense kuti ampatsa mphatso pa chilichonse chomwe angasonyeze mwa zomwe bambo uja anachita. Apa kusiyana kwa magulu atatu aja kunatheratu. Ana amene anaoneka ngati sanatengere kanthu aja anasonyeza nkhonya ndi mateche mofanana ndi anzawo. Anali ataphunzira zonse, anangozisunga chifukwa cha mantha. Choncho kuphunzira chinthu ndi kuchichita ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chilango chimatha kuletsa mwana kuchita pamaso pa amene akumuopa, koma sichifufuta zomwe waona. Zimadikira tsiku lomwe padzapezeke omuchemerera.

Ndi maso amenewa ndikufuna tione madandaulo anga.

Loyamba ndi la nthawi yomwe ana amakhala okha. Ana a Sitandade 1 ndi 2 amaweruka dzuwa lisanapendeke. Makolo ambiri kuno amalawira m'mamawa kukathyola tiyi, makamaka m'nyengo ya mvula pomwe masamba achuluka, ena ali ku msika ndi nanazi ndi nthochi, ena ali pa kabaza. Amabwerera madzulo atatopa. Pakati pa kuweruka kwa mwana ndi kufika kwa kholo pali maola ambiri, ndipo khomo lotsegula pa nthawi imeneyo ndi la vidiyo. Amene alibe ndalama yolowera amasuzumira pa ming'alu ya matabwa kapena kukhala panja n'kumamvera, popeza sipika imaikidwa kunja dala kuti iziitana anthu. Zomwe zikuonetsedwa 1 koloko masana, mwana wa zaka 6 ali pabenchi, n'zomwezo zomwe zikuonetsedwa usiku kwa akuluakulu: nkhondo, karate, masewera ogwetsana aja a resiling'i. Dziko lino lili ndi lamulo loona za mafilimu ndi malo azisangalalo kuyambira 1968, lomwe limafuna kuti malo oonetsera mafilimu akhale ndi chilolezo, komanso tili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010. Koma kumsika wa kwathu, wotolera msonkho amafika pakhomo la vidiyo, kulandira ndalama, n'kupita osayang'ana kuti m'katimo mwakhala ndani.

Lachiwiri ndi la mawu a womasulira. Mafilimu ambiri omwe ana athu amaonera ndi aja omasuliridwa m'Chichewa, momwe mnyamata waluso amalankhula pamwamba pa filimu, kufotokoza nkhani ndi kuseketsa anthu. Luso limeneli ndimalilemekeza, ndipo ndi lomwe lachititsa kuti agogo a kumudzi amve nkhani ya filimu yochokera ku China kapena ku India. Koma tamverani zomwe zimanenedwa munthu akamenyedwa. Womasulira amachemerera nkhonya iliyonse, amamutcha womenya mayina aulemu, ndipo womenyedwayo amamusandutsa choseketsa. Nyumba yonse imaombera m'manja. M'kafukufuku wa 1965 uja munali munthu wachiwiri wobwera ndi maswiti kudzayamikira womenya. Kwathu kuno munthu ameneyo ndi womasulira pamodzi ndi akuluakulu omwe akhala pabenchi lakumbuyo, ndipo akulankhula chinenero cha mwanayo. Filimu yachingerezi mwana wa Sitandade 2 samva mawu ake, koma kuyamikira kwa m'Chichewa amakumva konse, ndipo mawa lake timakumva pabwalo la sukulu, liwu ndi liwu.

Tsopano ndifotokoze za mnyamata uja, popanda kumutchula dzina, chifukwa nkhani yake ikuonetsa mmene zinthuzi zimayendera. Bandura anati kuti munthu atengere zomwe waona, pamafunika zinthu zinayi: aonetsetse, asunge m'mutu, athe kuchichita ndi thupi lake, ndipo akhale ndi chomukoka kuti achite. Chimodzi chikasowa, kutsanzira sikuchitika.

Kuonetsetsa kunali kosavuta. M'nyumba ya vidiyo muli mdima, chowala ndi kanema yekha, phokoso ndi lalikulu, ndipo wogwetsa anzake uja ndi wamphamvu, wovala zokongola, wolowa ndi nyimbo yake. Ana amayang'anitsitsa munthu amene akuoneka wamphamvu ndi wotamandidwa, komanso amene akufanana nawo mwanjira ina, n'chifukwa chake anyamata amatengera kwambiri amuna anzawo. Kusunga m'mutu kunathandizidwa ndi kubwereza. Filimu yomweyo imaonetsedwa kangapo pa sabata, kagwetsedwe kamodzi kamabwerezedwa pang'onopang'ono kuti aliyense aone bwino, ndipo kali ndi dzina lake lomwe womasulira amafuula. Chinthu chokhala ndi dzina chimasungika msanga. Kuyesera ndi thupi kunachitika kwa masabata angapo, ndipo apa ndi pomwe akuluakulu tikanaonera. Anzake anandiuza pambuyo pake kuti ankayamba ndi thumba la madeya, kulinyamula paphewa n'kuliponya pansi. Kenako ankadumphirana pamchenga kumtsinje, pomwe kugwa sikupweteka. Chomukoka chinapezeka tsiku lomwe anyamata a Sitandade 5 anazungulira n'kumamutchula dzina la ngwazi ija. Anamunyamula mnzake wocheperapo, n'kumugwetsa pa nthaka youma ya kuseri kwa kalasi, ndipo mnzakeyo anatchinjiriza ndi dzanja.

Nditafika, amene ankalira kwambiri anali wogwetsayo. Anagwira malaya anga n'kumabwereza kuti, "Madamu, uja amadzuka. Akamugwetsa amadzuka." Sanali kunama. Pa kanema anaona munthu akugwetsedwa kakhumi n'kudzuka wopanda bala, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti anthu aja ndi ophunzitsidwa kugwa, kuti bwalo lawo limanepa, ndi kuti zambiri zimakhala zokonzeratu. Mwanayu sanali wankhanza. M'kalasi anali wofatsa, wogawana ndi anzake chinangwa chake. Anaphunzira kagwetsedwe, koma zotsatira zake sanazione, chifukwa filimu siionetsa mayi akuthamanga ndi mwana kumsana kupita kuchipatala, kapena mwana akulephera kugwira pensulo kwa milungu yambiri dzanja lili m'chikhakha.

Dandaulo lachitatu ndi chikwapu chenichenicho. Taganizirani zomwe mwana woonerera amaona pa bwalo la mfumu kapena pa asembule. Munthu wamkulu, wolemekezeka, wakwiya. Wagwira wamng'ono, wamumenya, ndipo anthu onse akuvomereza kuti wachita bwino. Zinthu zinayi zija zonse zilipo: ana akuonetsetsa chifukwa cha mantha, sadzaiwala, kukwapula n'kosavuta kutsanzira, ndipo womenyayo wayamikiridwa. Phunziro lomwe tikufuna kupereka ndi lakuti kumenya n'koipa, koma lomwe likulowa ndi lakuti wamphamvu akalakwiridwa amamenya. Aphunzitsi a makalasi a m'munsi timazionera pa nthawi yopuma, ana akamasewera za sukulu. Wosewera ngati mphunzitsi, chinthu choyamba chomwe amafuna ndi kamtengo. Komanso, monga tinaonera kwa ana a gulu lachiwiri lija, mantha amangobisa zomwe mwana waphunzira. Chigamulo chitangotuluka, ana sanasiye kuonera. Anasamukira ku foni za azichimwene awo, zomwe amakaziikitsa mafilimu pa ndalama yochepa ku msika womwewo, n'kumaonera atabisala m'tiyi, komwe kulibe wamkulu aliyense.

Ndisakhale ngati ndikunena kuti kanema ndiye gwero la ndewu zonse. Kafukufuku wa Bandura ali ndi malire ake, ndipo akatswiri anzake anawatchula. Chidole si munthu, ndipo chidole chimene chija chinapangidwira kumenyedwa. Ana anayesedwa patangopita mphindi zochepa ataonera, choncho kafukufukuyo payekha satiuza zomwe zimachitika pakapita zaka. Ofufuza ena omwe anatsatira ana mpaka kukula, monga Leonard Eron ndi Rowell Huesmann ku Amereka, anapeza kuti oonera kwambiri zachiwawa ali ana ankakhala ndi mpata wokulirapo wochita ndewu atakula, koma mphamvu yake si yaikulu kuposa zina zonse, ndipo akatswiri akadatsutsanabe za kukula kwake. Ana ambiri oonera karate sathyola munthu mkono. Mwana amene amaona bambo akumenya mayi kunyumba, amene amagona ndi njala, kapena amene amamenyedwa yekha, ali pa chiopsezo chachikulu kuposa mwana wongoonera filimu. Koma pamene zonsezi zakumana mwa mwana mmodzi, kanema amamupatsa njira yochitira ndi mawu oti anene. Ndipo mwa zonsezi, zomwe zikuonetsedwa masana pa msika ndi zomwe inu mungathe kusintha mwezi uno popanda kudikira thandizo lochokera kutali.

Si masewera onse ogwetsana omwe ali oopsa, ndipo makolo ndi aphunzitsi tiyenera kudziwa kusiyanitsa, kuti tisalange ana pa chinthu chachibadwa. Ana akamalimbana mosewera, onse awiri amaseka, amasinthana kukhala pamwamba, wamphamvu amadziletsa dala, ndipo akatha amapitira limodzi. Zikayamba kuipa mumaona kuti wogwetsedwa ndi mmodzi yemweyo tsiku lililonse, nthawi zambiri wamng'ono. Nkhope yake siseka. Akati "basi" mnzake sasiya. Pali gulu lozungulira lomwe likuchemerera. Mumamva mayina ndi mawu a mu filimu, ndipo kagwiridwe kake ndi kachilendo, kogwira pakhosi, kodumphira mnzake kuchokera pakhonde kapena pa chulu. Mukaona mwana akuyesera pa thumba kapena pa mng'ono wake, imeneyo ndiyo nthawi yokhala naye pansi, mkono usanathyoke.

Dandaulo langa lachinayi ndi lakuti pa msonkhano uja palibe amene ananena za mbali ina ya nkhaniyi. Njira yomwe mwana amatengera nkhonya ndi yomweyo yomwe amatengera chifundo. Mu 1975, ofufuza atatu ku Amereka, Sprafkin, Liebert ndi Poulos, anaonetsa ana a kalasi yoyamba mafilimu osiyana. Ena anaonera gawo lomwe mnyamata akuika moyo wake pachiswe kuti apulumutse kamwana ka galu. Ena anaonera gawo lina la pulogalamu yomweyo lopanda zopulumutsa, ena pulogalamu ya nthabwala za pabanja. Kenako mwana aliyense anapatsidwa masewera opezera mapointi oti alandirire mphatso, ndipo anauzidwa kuti akamva tiagalu tikulira m'zomvera za m'makutu akhoza kudina batani loitana thandizo, koma nthawi yomwe akudina sapeza mapointi. Amene anaonera zopulumutsa zija anadina nthawi yaitali kuposa anzawo, kulolera kutaya mphatso.

Kafukufuku wina ndi wa 2013 mu mzinda wa Seattle, wotsogoleredwa ndi dokotala wa ana Dimitri Christakis. Anagwira ntchito ndi mabanja oposa 500 a ana a zaka 3 mpaka 5. Mabanja ena sanauzidwe kuti achepetse nthawi yoonera kanema, koma anathandizidwa kusintha zoonerazo, kuchotsa zachiwawa n'kuikapo zophunzitsa ndi zoonetsa kuthandizana. Patapita miyezi 6, khalidwe la ana a mabanja amenewa linali labwinopo poyerekeza ndi la ana a mabanja ena, ndipo amene anapindula kwambiri anali anyamata ochokera m'mabanja osauka. Kusinthako sikunali kwakukulu kodabwitsa, koma kunalipo, ndipo kunabwera popanda kuzimitsa kanema. Ichi ndi chifukwa chake sindikupempha kuti nyumba za vidiyo zitsekedwe. Eni ake ndi ana athu omwe, achinyamata osowa ntchito amene anagula sola kapena jenereta ndi ndalama yovutikira. Mukawatsekera, mwalanda banja chakudya, ndipo ana apita ku foni.

Chifundo cha pa kanema chili ndi vuto limodzi lomwe tiyenera kulidziwa. Nkhonya imaoneka msanga, imatenga kamphindi kamodzi, ndipo mwana wa zaka 4 amaimvetsa popanda womufotokozera. Kukhululuka kapena kuleza mtima kumatenga filimu yonse kuti kuoneke, ndipo mwana wamng'ono nthawi zambiri sagwirizanitsa zomwe zinachitika koyambirira ndi zotsatira zake kumapeto. N'chimodzimodzi ndi chigawenga chomwe chimalangidwa kumathero kwa filimu ya maola awiri: mwana waona kupambana kwake nthawi yonseyo, ndipo chilango chafika iye atagona kale kapena atathamangira kunyumba. Choncho pamafunika munthu wamkulu wothandiza mwana kulumikiza. Ofufuza awiri, Amy Nathanson ndi Joanne Cantor, anapeza mu 2000 kuti anyamata omwe anapemphedwa kuganizira mmene womenyedwa mu katuni akumvera sanatengeke ndi maganizo a ndewu monga anzawo omwe anangoonera. Ine m'kalasi ndimachita zofananako. Ana akabwera ndi nkhani ya filimu ya dzulo, sindiwaletsa. Ndimawafunsa kuti uja anagwetsedwa uja akumva bwanji, amayi ake anena chiyani akafika kunyumba, ndipo akanachita chiyani china. Kenako awiri amaimirira n'kusewera njira inayo, wina kupepesa, wina kuleretsa. Kuleretsa ndewu nakonso ndi luso lofunika kuliona ndi kuliyesera, monga mmene mnyamata uja anayesera pa thumba la madeya.

Zitsanzo zoti ana aone tili nazo pafupi. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, m'boma lino munali anthu omwe anaoloka madzi ndi ana a eni kumsana, ndi mabanja omwe anasunga anansi m'nyumba zawo kwa milungu yambiri. Achinyamata athu ali ndi mafoni ojambula bwino, ndipo magulu a zisudzo alipo m'mipingo ndi m'masukulu. Nkhani zotere zikajambulidwa, ngwazi yake imakhala munthu wolankhula Chichewa kapena Chilhomwe, woyenda m'misewu yomwe mwanayo akuidziwa, phiri lathu likuoneka kumbuyo. Mwana amatengera msanga munthu wofanana naye.

Pa zifukwa zimenezi, ndikupempha mwaulemu zinthu izi.

1. Chigamulo chokwapula ana pagulu chichotsedwe, ndipo zilengezedwe pa msonkhano monga mmene chinalengezedwera. Mwana wovulaza mnzake asangosiyidwa, koma chilango chake chikhale choti aone zotsatira za zomwe wachita. Apite ndi makolo ake kukapepesa, akamuone mnzakeyo akudwala, azimunyamulira chikwama ndi kumulembera manotsi mpaka atachira. Ana ena akaona zimenezi, aona zomwe filimu inawabisira.

2. Mafumu ndi oyang'anira misika akhale pansi ndi eni nyumba za vidiyo, osati kuwaitanira kudzawaopseza, kuti agwirizane za nthawi. Pa nthawi ya sukulu mwana asalowe. Kuyambira poweruka mpaka dzuwa kulowa, ngati m'nyumbamo muli ana, zoonetsedwa zikhale zoyenera ana, ndipo sipika ya panja ichepetsedwe. Mpira ana aonere, palibe vuto. Mafilimu a nkhondo ndi resiling'i adikire madzulo, pakhomo pakhale woletsa ana. Mgwirizanowu ulembedwe m'malamulo a dera ndi kumatidwa pakhomo la nyumba iliyonse, ndipo ukhudzenso oika mafilimu m'mafoni.

3. Amene amapereka chilolezo cha malonda ndi kutolera msonkho azionanso ngati mgwirizanowu ukutsatidwa. Wophwanya achenjezedwe kaye, ndipo wosunga bwino atchulidwe poyera pa msonkhano, chifukwa eni vidiyo nawonso amaphunzira poona zomwe zamuchitikira mnzawo.

4. Akuluakulu a zamaphunziro apatule tsiku limodzi pa maphunziro a aphunzitsi a m'zoni kuti tikambirane nkhaniyi: kusiyanitsa masewera ndi ndewu, kufunsa ana mafunso okhudza womenyedwa, ndi kusunga mwambo m'kalasi popanda kamtengo. Alezi a sukulu zamkombaphala, magulu a amayi a m'masukulu ndi makomiti a makolo aitanidwenso, popeza ana omwe amatengera kwambiri ndi aang'ono omwe ali m'manja mwawo.

5. Masana a ana asakhale opanda kopita. Bwalo la sukulu, holo ya tchalitchi kapena khonde la madrasa zikhoza kutsegulidwa masiku ena pa sabata, makolo n'kumasinthana kuyang'anira. Ndikupemphanso mafumu kuti alankhule ndi makampani a tiyi omwe amalemba ntchito makolo a ana amenewa, kuti athandizepo ndi mipira, mabuku, kapena kanema ndi sola yoti ana azionera zosankhidwa bwino, wamkulu ali pomwepo.

6. Achinyamata omasulira mafilimu ndi magulu a zisudzo a m'boma lino aitanidwe n'kumva nkhaniyi. Sindikuwapempha kuti asiye nthabwala. Ndikupempha kuti munthu akagwa mu filimu, liwu lomwe ana athu amalikhulupirira lija lizitha kunenanso kuti zimenezi zimapweteka ndipo kunyumba musayesere.

Ine ndi aphunzitsi anzanga angapo tili okonzeka kubwera pa msonkhano uliwonse womwe mungaitanitse, kudzafotokoza zimenezi kwa makolo m'chinenero chosavuta, komanso kuthandiza eni vidiyo kusankha mafilimu a masana. Tikupempha kuti pempho loyamba lija liyankhidwe teremu ino isanathe, chifukwa tchuthi chikayamba ana adzakhala pa msika tsiku lonse.

Ndine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa makalasi a m'munsi komanso kholo,
Mulanje